Ukafika ku Mangalande, lembetsa ku GP usanadwale

Mtsikana mnzanga, ngati wangofika kumene ku Mangalande, lembetsa ku kiliniki ya pafupi, yomwe amaitcha GP, msambo usanayambe kukuvuta. Kulembetsako n'kwaulere, ndipo sayenera kukukana chifukwa ulibe kalata yosonyeza komwe ukukhala. Ine ndinachedwa, ndinkangomwa panado mpaka tsiku lomwe ndinadetsa mpando wa m'basi.

Kuno sungangodzuka n'kupita kwa dokotala wa matenda a amayi. Umayamba wadzera ku GP, dokotala wa kumeneko ndiye amakutumiza. Nthawi yokumana naye ndi yochepa, mwina mphindi 10, choncho usapite chimanjamanja. Lemba masiku a miyezi itatu: tsiku loyamba, lomaliza, mapadi angati patsiku, ndiponso ngati ululu unakulepheretsa kupita ku ntchito. Ku telefoni pempha dokotala wamkazi, amalola ndithu.

Mawu athu aja oti "ndili kumwezi, sindikupeza bwino" kumeneko sathandiza. Ine nditanena mosabisa kuti ndimasintha padi ola lililonse ndipo magazi amapitirira masiku 7, dokotala anasiya kulemba n'kundiyang'ana. Anandiyeza magazi, anapeza kuti ndi ochepa, kenako ananditumiza kukajambula chiberekero. Anapeza zotupa zotchedwa mafayibuloidi, zomwe zimapezeka kwambiri mwa ife akazi akuda. Nanga ndani anali atandiuzapo?

Koma ukayamba chizungulire magazi akutuluka kwambiri, usadikire tsiku lomwe anakupatsa, imba 111, nambala yopemphera thandizo lachipatala lamsanga. Ngati msambo wadumpha ndipo mbali imodzi ya chinena ikupweteka kwambiri, thamangira ku chipatala, ku gawo la matenda adzidzidzi lotchedwa A&E, mwina ndi mimba yokhala kunja kwa chiberekero.