Dzira limakakamira chifukwa cha moto, musamangothira mafuta ambiri ayi

Sabata yatha ndinali ku Ndirande kwa mayi ena amene timakumana nawo pa gulu la amayi la zakadyedwe, ndiye ndinawapeza akukonza kadzutsa wa ana asukulu. Mbaula ili gaa, makala ofiira mpaka pamwamba, felempani ya aluminiyamu yopyapyala ija ili pamoto, iwo nkupendeketsa botolo la mafuta khuthu, osayeza. Ataswa dzira linangoti tswaa, mphepete nkuda nthawi yomweyo pomwe pakati pakadali madzi. Ndinawafunsa kuti mayi, mafuta onsewa ndi a mazira awiri okhawa? Anaseka nkuti "alangizi, ndikachepetsa limakakamira, ndiye bola ndiwononge mafuta kusiyana ndi kuwononga dzira." Ambiri mu Blantyre muno timaganiza choncho, koma zoona zake nzoti chimene chimamatitsa dzira kwambiri ndi moto komanso mmene felempaniyo ilili, mafuta gawo lake ndi laling'ono.

Tinayeza mafuta amene amathira tsiku ndi tsiku, anakwana masupuni awiri akuluakulu. Supuni yaikulu ndi 15 ml, ndiye kuti 30 ml patsiku, pa masiku 30 ndi 900 ml, pafupifupi lita yathunthu kungothera mazira okha, ndiwo zamasana ndi zamadzulo sitinaziwerengere. Pomwe mazira awiri amapsa bwinobwino ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, 5 ml basi, pamwezi 150 ml. Kusiyana kwake ndi 750 ml. Mtengo wake muwerengere nokha malinga ndi mmene mukugulira kwanuko, chifukwa mafuta masiku ano mtengo wa Lolemba sukhala wa Lachisanu, makamaka ife ogula oyezera a m'timachubu pa okala.

Chimachitika nchiyani kuti dzira limate? Choyera cha dzira chija ndi madzi osakanikirana ndi mapuloteni, ndipo mapuloteniwo akangomva kutentha amalimba nkugwira chilichonse chimene akhudzana nacho. Felempani olo iwoneke yosalala, ili ndi timing'alu ndi timaenje tosaoneka ndi maso, dzira likalowa mmenemo lili lamadzi nkulimbira momwemo ndiye kukakamira kumene timadandaula kuja. Ntchito ya mafuta ndi kutseka timaenjeto basi, ndipo kuti atseke sipafunika chithaphwi ayi, pamangofunika kuti afike paliponse. Mafuta ozizira amakhala olemera, amangounjikana mbali imodzi, koma akagwera pa chitsulo chofunda amasungunuka ngati madzi nkufalikira. Ndiye chifukwa chake timayamba ndi kutenthetsa felempani, mafuta pambuyo.

China choti mudziwe, dzira silifuna moto wambiri. Choyera chimayamba kulimba chikafika madigiri 62 mpaka 65, chachikasu chapakati chija cha m'ma 65 mpaka 70, kutanthauza kuti dzira limapsa madzi asanafike nkomwe powira pa 100. Tsono inu mukuliika pa moto wophikira nyemba, mukuyembekezera chani? Pansi pamapserera pamwamba pasanamve kanthu.

Ndiye ndi mayi aja tinachita chonchi. Poyamba tinakonza moto. Pa mbaula palibe kabatani kochepetsera, ndiye nzeru yake ndi kukazinga dzira kumapeto, mutatha kuwiritsa madzi a tiyi, makala atayamba kuyera phulusa pamwamba. Ngati moto ukadali wolusa, kankhirani makala mbali imodzi kapena wazani phulusa pang'ono pamwamba, ndipo kachitseko ka mphepo kapansi kaja katsekeni. Inu a hotipuleti, musamaike pomaliza, ikani pakati, ndipo kumbukirani kuti mbale yachitsulo ija imasunga moto nthawi yaitali, mukhoza kuzimitsa dzira litangolowa likapsa ndi moto wotsalawo, mayunitsi nawonso apulumuka.

Kenako tinaika felempani pamoto yopanda kanthu, youma, kwa mphindi imodzi kapena kuchepera popeza yawo ndi yopyapyala. Kuti mudziwe kuti yafika, nyowetsani zala nkuwazira timadontho ta madzi. Tikangokhala phee osalira, sinatenthe. Tikalira tsii nkuuma pakangopita kamphindi, ndi pomwepo. Koma tikamathamanga ngati timikanda kapena kusowa nthawi yomweyo ndi phokoso, yatenthetsa, ichotseni pamoto muiike pansi muwerenge mpaka 20. Onetsetsani kuti madzi aja aumiratu musanathire mafuta, apo ayi akuthetherani m'maso.

Mafuta tinayeza kasupuni ka tiyi kamodzi. Apa mpamene mayi aja anapukusa mutu, akuti timafuta timeneti tikwana pati. Ndinadula anyezi pakati, nkubaya theka lake ndi foloko, mbali yodulayo nkumapakira mafuta pafelempani ponse mpaka mmbali. Chitsulo chonse chinangoti nyezinyezi. Anyeziyo simutaya, mukaduladula mu ndiwo zamasana, komanso amasiya kafungo kabwino pa dzira. Kachidutswa ka mbatatesi kamagwiranso ntchito yomweyi. Chimene sindifuna kuona ndi kupakira ndi pepala la nyuzi kapena kajumbo, inki ndi pulasitiki si zakudya. Mafuta akayamba kufuka utsi ndiye kuti mwapitirira, apserera, dzira lidzawawa, pukutani muyambirenso, nzabwino kuti mwangotaya kasupuni kamodzi.

Dzira musamaswere mu felempani mwachindunji, yambani mwaswera mu kapu. Chifukwa choyamba mukudziwa kale, la pa msika nthawi yotentha ngati mwezi wa Okutobala likhoza kukhala lovunda, likuwonongerani linzake ndi mafuta omwe. Chachiwiri, kuchokera mu kapu mumalitsanulira pang'onopang'ono pafupi ndi chitsulo, silikankha mafuta kuwathamangitsira mmbali ngati mmene limachitira likagwa kuchokera mmwamba. Dzira lokhalitsa mulizindikira pomwepo, choyera chake chimakhala chamadzimadzi, chimayenderera felempani yonse nkupyapyala, ndipo mphepete zopyapyalazo ndi zimene zimayamba kupserera. Lotere bola kulipondaponda kusiyana ndi kulikazinga lathunthu. Amene muli ndi filiji, litulutseni likhaleko panja mphindi 10 kapena 15, lozizira kwambiri limaziziritsa felempani pamalo pamene lagwera nkumata pomwepo.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani. Dzira likalowa, musaligwire. Manja amayabwa ndikudziwa, munthu umafuna ulowetse supuni pansi uone ngati lamata, koma mphindi yoyambayo dzira lililonse limakhala logwira, likalimba pansi limadzimasula lokha. Mukalisuntha msanga mumang'amba kachikopa kapansiko, lamadzi nkutsikira pa chitsulo chouma chimene mafuta achokapo kale, ndiye mumalize nokha. Dikirani mpaka mphepete ziyere ndi kulimba, pafupifupi mphindi imodzi. Mukatero thirani supuni imodzi yaikulu ya madzi mmbali mwa felempani, osati pamwamba pa dzira, nkuvindikira msanga. Chivindikiro cha poto chilichonse chokwana, olo mbale yachitsulo. Madzi aja amasanduka nthunzi, nthunziyo ndi imene imapsereza pamwamba, ntchito imene kale mumaigwiritsa mafuta ambiri aja powaza ndi supuni. Komanso madziwo amaziziritsako pansi, ndiye kupserera kulibe. Mphindi ziwiri chachikasu chimakhala chofewa, zitatu kapena zinayi chimalimba. La ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala lipse mpaka chachikasu chilimbe, za dzira laliwisi pakati asiyireni ena.

Titavundukula, mayi aja anangopendeketsa felempani dzira nkutsetsereka lokha kugwera m'mbale, anaitana mpaka aneba kuti adzaone. Koma ndisakunamizeni, silikhala ndi mphepete zokhirichira zofiirira zija ena mumazikonda, limakhala lofewa loyera. Amene mumafuna lokhirichira mafuta ake ndi ambiri ndithu, palibe njira yachidule.

Tsiku lotsatira anandiimbira kuti alangizi zakanikanso, lamata. Nditapita ndinapeza kuti mwana wawo wamkazi watsuka felempani ija ndi mchenga ndi sitiliwulo mpaka kuwala ngati galasi, mmene timanyadira mapoto kwathu kuno. Kuwalako ndiye vuto, mchenga umakanda chitsulo nkuwonjezera timing'alu tija. Kunja kwechani mmene mungathere, koma mkati tsukani ndi madzi ofunda, kasopo pang'ono ndi siponji yofewa. Ngati china chamatirira, thiranimo madzi muwiritse pang'ono chichoka chokha. Felempani yokandika kale muithandize chonchi: itenthetseni, pakani timafuta, musiye pamoto wochepa mphindi zingapo, izizire, mupukute. Chiwaya chachitsulo chakuda chija ndiye chimamva bwino kwambiri, mukachita zimenezi kangapo chimagwira kachikuto kakuda kosalala, ndipo kakudako si litsiro ayi, musakapale. Mukachitsuka chiumitseni pamoto kuopa dzimbiri. Ngati nkotheka felempani ya mazira ikhale ya mazira okha, yokazingira usipa ndi tomato ikhale ina, chifukwa tomato ndi wowawasa amadya kachikuto kaja.

Amene muli ndi zija zosamata zokutidwa zakuda mkati za m'mashopu a ku Limbe, inu theka la kasupuni likukwanirani, koma musamaitenthetse yopanda kanthu ngati mmene tinachitira ndi ya aluminiyamu ija, pakani mafuta kaye ndipo moto ukhale wochepa, pa mbaula yolusa imawonongeka msanga. Supuni yachitsulo ndi foloko zisayandikire, gwiritsani mthiko. Ikayamba kusupuka mkati ntchito yake yatha, izimata basi.

Nanga mazira a ndiwo, a tomato ndi anyezi odyera nsima? Apa ambiri amayamba ndi mafuta ambiri chifukwa anyezi amaoneka ngati wamwa onse. Kasupuni kamodzi ndi theka kakukwana mazira atatu kapena anayi. Anyezi akayamba kuuma thirani supuni ya madzi mmalo mowonjezera mafuta, afewa bwinobwino. Tomato apse mpaka madzi ake achepe koma asaumiretu, mukathira mazira pa tomato wamadzi ambiri zimakhala phalaphala, pa wouma kwambiri zimamata. Mazirawo muwamenye kaye mu kapu ndi mchere, tsanulirani pamwamba pa tomato, dikirani pang'ono agwirane, kenako muzikankha ndi mthiko kuchokera mmphepete kupita pakati, osatakasa ngati phala. Muphule akuonekabe onyowa pang'ono pamwamba nkuvindikira, amalizika ndi kutentha kwa poto pamene inu mukuomola nsima.