Chithunzi cha bowa sichingakuuzeni kuti ndi wodyedwa

Mvula ikangogwa anthu amajambula bowa n'kutumizira abale pa foni kufunsa ngati angadye. Chonde musaphike bowa chifukwa choti wina waona chithunzi n'kuvomera.

Taganizirani za bowa wa pachulu. Chizindikiro chake chachikulu chili pansi pa nthaka: tsinde lake limapitirira ngati muzu wautali mpaka pachisa cha chiswe. Wothyola akalidulira pamwamba, chizindikirocho chatsala m'dothi, ndipo pachithunzi pangooneka kachipewa koyererako.

Kachipewa kotere alinakonso bowa wapoizoni wotchedwa Chlorophyllum molybdites, womera pa udzu ndi m'minda. Akakhala wanthete, timizere ta kunsi kwa chipewa chake timakhala toyera. Timayamba kubiriwira akakhwima. Odziwa amadula chipewacho, n'kuchivundikira papepala loyera usiku wonse, m'mawa n'kupeza fumbi lobiriwira. Foni singachite zimenezi, komanso kamera imasintha mtundu malinga ndi kuwala. Wodya bowa ameneyu amasanza ndi kutsegula m'mimba kwambiri pakangopita ola limodzi kapena atatu.

Chinanso, chithunzi chimaonetsa bowa mmodzi pomwe m'lichero muli wambiri. Mmodzi wolakwika amawononga mphika wonse, ndipo kuwiritsa sikuchotsa poizoni wa mitundu yoopsa kwambiri, ija yowononga chiwindi.

Tengani bowa wathunthu, wokumbidwa ndi tsinde lomwe, mupite naye kwa munthu wozolowera kuthyola m'dera lomwelo, aone mmodzimmodzi ndi manja ake. Akakayika, tayani. Wina akadwala atadya bowa, thamangirani naye kuchipatala mutatenga wotsalayo, ngakhale atanena kuti wayamba kupeza bwino.