Kuchonga CV ya mkulu wa pulojekiti

"Akulu, ndili ndi ma CV 40 a ofuna kuyang'anira pulojekiti yomanga zipatala. Malikisi ndigawe bwanji?"

Gawani 100 patatu musanatsegule CV ngakhale imodzi: 50 kukula kwa ntchito zomwe anamaliza, 30 njira zoyendetsera ntchito, 20 masatifiketi.

Yambani ndi kukula. Onani bajeti, anthu amene ankawatsogolera, miyezi, komanso ngati analidi mkulu kapena ankangothandizira. Ndalama zisinthireni m'madola a chaka chomwecho, chifukwa kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. K500 miliyoni ya 2021 si ya lero.

Kenako njira. Wongondandalika mayina a njira ngati Scrum, ine sindimupatsa oposa 10. Malikisi onse apite kwa amene wasonyeza pomwe anaigwiritsa ntchito, monga kaundula wa ziopsezo amene ankamuunika sabata iliyonse. Scrum ndi ya opanga mapulogalamu a kompyuta makamaka, pa zomangamanga isakukopeni.

Masatifiketi ndi osavuta. PMP kapena PRINCE2 Practitioner 20, CAPM kapena PRINCE2 Foundation 10. Koma wa PMP kapena CAPM fufuzani dzina lake m'kaundula wa PMI, bungwe lomwe limapereka masatifiketi awiriwa, poti PMP imatha pakapita zaka 3 ngati mwini sanaiwonjezere. Yakutha ipatseni theka.

Tinene kuti wina anamaliza midadada ya sukulu ya madola 400,000, pulojekiti yanu ili ya madola miliyoni imodzi: 25 pa 50. Wafotokoza bwino mmene ankavomerezera kusintha kwa mapulani: 22. PMP yake inatha: 10. Zonse 57. Ngati mzere wanu wokhozera uli pa 60, ameneyu adikire kaye.