Laputopu ikabedwa Lachisanu, maola 72 sadikira Lolemba

Ophunzira a chitetezo cha makompyuta, tiyerekeze kuti mwayamba ntchito pakampani ina yomwe imatsatira lamulo la mayiko a ku Ulaya loteteza chinsinsi cha anthu la GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018. Lachisanu 4 koloko madzulo, mnzanu akukuimbirani kuti laputopu yake yabedwa m'galimoto. M'katimo muli mayina, manambala a foni, manambala a ziphaso ndi matenda a makasitomala 800.

Lembani nthawiyo pomwepo. Gawo 33 la lamuloli limati bungwe loyang'anira chinsinsi cha anthu lidziwitsidwe pasanathe maola 72 kuchokera pamene kampani yadziwa za vutolo. Loweruka ndi Lamlungu amawerengedwa, ndiye malire anu ndi Lolemba 4 koloko madzulo. Ambiri amalakwitsa apa: amafuna amalize kaye kufufuza. Musatero. Tumizani zomwe mwapeza, monga chomwe chachitika, anthu okhudzidwa ndi angati mongoyerekeza, choopsa chomwe chingawagwere ndi zomwe mwachitapo kale. Zotsalazo lamulo limalola kuti zitsatire pambuyo.

Kenako funsani ngati disiki ya laputopuyo inali yokhomedwa moti zolembedwamo sizingawerengeke popanda kiyi. Mnzanuyo adzati, "Inali ndi pasiwedi." Yankho limeneli lisakukhazikeni mtima pansi, chifukwa wakuba amangochotsa disiki n'kuilumikiza pa kompyuta ina, zonse n'kuonekera. Pa Windows izi zimayenera kuonedwa laputopu isanatuluke mu ofesi:

```
manage-bde -status C:
```

Mukaona `Protection On`, sungani umboniwo. Ukakhalapo, ndipo kiyi sanatayikire limodzi ndi laputopu, Gawo 34 silikukakamizani kuuza makasitomala aja. Ukasowa, poti muli matenda ndi ziphaso, auzeni mmodzimmodzi mosazengereza, m'mawu omveka. Ngakhale mutapeza kuti vuto silofunika kukanena kunja, lilembeni m'kaundula wa kampani pamodzi ndi chifukwa chake.

Tsopano funso lowawa, lomwe bungwe lija lingakufunseni: matenda a anthu ankafuna chiyani m'fayilo imeneyi? Ngati ntchito yake inali kutumiza mauthenga okumbutsa makasitomala, dzina ndi nambala ya foni zinali zokwanira. Tengani fomu yolembetsera, muione mzere ndi mzere, ndipo pomwe palibe amene angafotokoze ntchito yake, fufutani. Fayilo ikanakhala ya mayina ndi manambala okha, choopsa chikanachepa kwambiri.

Chilolezo nachonso chidzafunsidwa. Za matenda zimafuna maziko apadera, ndipo ngati mumadalira chilolezo, chikhale choti munthu wanena yekha momveka kuti wavomera. Kabokosi kochongeratu pa fomu si chilolezo. Muyenera kuonetsa tsiku lomwe anavomera, mawu omwe anawerenga, komanso kuti kubweza chilolezocho n'kosavuta ngati mmene anachiperekera. Mwa anthu 800 aja, ngati ena anabweza kale chilolezo koma zawo zinali zikadali m'fayilomo popanda chifukwa china chalamulo, umenewo ndi mlandu wachiwiri, wosiyana ndi wa laputopu uja.