Nambala yosadziwika yandiimbira, ndidziwa bwanji mwini wake?

"Nambala yachilendo ikumangondifulasha usiku, ndingadziwe bwanji kuti ndi ndani?"

Khalani ndi kabandulo ndi akaunti ya Airtel Money kapena Mpamba.

1. Onani poyambira nambalayo. 099 ndi 098 ndi Airtel, 088 ndi TNM. Ikayamba ndi + koma osati +265 ndi yakunja, musaiyimbire ayi, ena amafulasha dala kuti mukabweza akudyereni mayunitsi.

2. Isungeni mufoni mutsegule WhatsApp, mwina chithunzi kapena dzina lioneka.

3. Yesani ngati mukutumiza ndalama: *211# pa Airtel, *444# pa Mpamba, lembani nambalayo ndi ndalama zochepa, nthawi zambiri dzina lomwe analembetsera limatuluka musanavomereze. Apa ndi pomwe anthu amalakwitsa, chala chimazolowera n'kulemba PIN ndalama n'kupitadi. Mukaona dzina thimitsani pompo.

4. Truecaller, app ya pafoni yoonetsa mayina a eni manambala, isiyeni komaliza, mayina ake amachokera mmafoni a anthu ena ndiye amatha kunama, komanso imapempha kuona manambala anu onse.

Dzina lotulukalo musathamangire kumuyalutsa nalo munthu, simu yolembetsa mayi amatha kugwiritsa ntchito mwana. Ngati akukuopsezani sungani mameseji ndi nthawi yomwe anayimba mupite kupolisi, kampani ya foni siingakupatseni inuyo zambiri za mwini wake.