Mafuta a nkhumba, mafuta a ng'ombe ndi suweti: muphikire chiyani?

Mafuta ophikira a m'botolo akadula, diso limagwera pa timitanda toyera ta magalamu 250 timene amaika m'firiji ya sitolo, pafupi ndi batala. Ambiri a ife ochokera ku Kasungu amene tikukhala kunja timangotidutsa chifukwa sitidziwa kuti ndi chiyani. Ena amagula, kukazingira mandasi, mandasiwo n'kukanika kudyeka m'mawa mwake. Mafutawo ndi abwino, koma mtundu uliwonse uli ndi ntchito yake.

Amene muli ku Mangalande kapena ku Ireland mukamafufuza pa foni m'sitolo za pa intaneti, mayina ake ndi awa: `lard` ndi mafuta a nkhumba osungunula kale; `beef dripping` kapena `tallow` ndi mafuta a ng'ombe osungunula kale; `suet` ndi mafuta olimba ozungulira impso za ng'ombe kapena nkhosa. Suweti ameneyu kubutchala amakhala wamuwisi, chimtanda chouma chonyenyeka ndi zala. Wa m'paketi, monga wa Atora, amakhala wodulidwa tizidutswa tating'ono towazidwa ufa kuti tisamatane.

Kusiyana kwawo kwagona pa kutentha kumene amasungunukira. Mafuta a nkhumba ndi ofewa, amasungunuka pa madigiri apakati pa 30 ndi 40, ndiye akalowa m'kamwa, momwe kutentha kwake ndi 37, ambiri amasungunuka. Suweti amafuna madigiri 45 mpaka 50, ndipo mafuta a ng'ombe osungunula nawo sali patali ndi pamenepo. M'kamwa simufika kutentha kotero. Aliyense amene anadyapo nyama yambuzi itazizira pa chiwaya cha pa Chinkhoma kapena pa Santhe akudziwa chotsatira chake: mafuta amakakamira kumwamba kwa m'kamwa ngati phula.

Choncho musanagule, dzifunseni ngati chakudyacho chidyedwa chotentha kapena chozizira.

Mandasi ndi zitumbuwa timakazinga lero, kudya mawa ndi tiyi, ena kutengera kuntchito. Zimenezi musakazingire mafuta a ng'ombe. Zikazizira zimachita mbuu kunja, n'kumamata m'kamwa. Mafuta a nkhumba amatha ntchitoyi, mandasi ake amakhala ofewa, koma moto ukhale wa pakati, madigiri 170 mpaka 180, chifukwa akafika cha m'ma 190 amayamba kufuka. Ine mandasi ndimaonabe kuti mafuta a mpendadzuwa ndiwo oyenera. Komanso kumbukirani kuti mbale ya mandasi imayenda manja ambiri pa misonkhano yathu ya Amalawi, ndipo pamakhala abale athu Asilamu ndi a Seveni De amene sadya nkhumba. Ngati mwaphikira mafuta a nkhumba, nenani asanatambasule dzanja. Ndi poto yemwe, ndi bwino akhale wakewake.

Tchipisi ndiye kwawo kwa mafuta a ng'ombe. Amapirira moto mpaka cha m'ma 200 asanafuke, ndipo tchipisi chake chimauma bwino kunja, mkati muli wofuwofu. Dulani mbatatesi zonenepa ngati chala, mutsuke, muumitse ndi nsalu mpaka zisakhale ndi dontho. Kazingani kawiri. Koyamba pa moto wochepa, madigiri 140, mphindi 6 mpaka 8, kuti zipse mkati zisanafiire. Vuulani, zipume. Kachiwiri kwezani moto kufika 180 kapena 190, mphindi 2 kapena 3 zokha. Ngati mulibe choyezera kutentha, ponyani kachidutswa ka buledi: kakafiira bwino pa theka la mphindi, mafuta afika pa ulendo wachiwiri. Mafuta asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a poto, chifukwa mbatatesi zikalowa amatumphuka. Akagwira moto, zimitsani chitofu, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo. Madzi ayi, chonde, moto umalumphira kudenga. Tchipisicho mudye nthawi yomweyo.

Suweti wa m'paketi sakazingira, chifukwa ufa umene anawaza uja umapserera pansi pa poto. Koma wamuwisi wa kubutchala, amene kawirikawiri ndi wotchipa, mungathe kumusandutsa nokha mafuta okazingira, ndipo izi ndizo ndikufuna mudziwe bwino.

Tengani kilogalamu imodzi. Muike m'firiji alimbe, chifukwa wofunda amaterera pa mpeni. Chotsani tinyama tofiira, magazi ndi mitsempha, popeza zimenezi ndizo zimanunkhitsa mafuta. Dulani tizidutswa tating'ono ngati mtedza, kapena pemphani wa kubutchala akugayireni. Ikani m'poto wokhuthala pansi, thirani madzi theka la kapu kuti asapserere poyamba, moto wochepetsetsa, osavundikira. Mu uvuni ndi madigiri 120. Zimatenga maola awiri kapena atatu, mukutakasa mwa apo ndi apo. Poyamba mafuta amaoneka amtambo ndipo amathetheka, ndiko kuti madzi akutuluka. Kuthetheka kukachepa, mafuta n'kuyera mbee, tizidutswa n'kufota n'kukhala tofiirira, phulani. Adikireni pang'ono, kenako sefani pa nsalu yoyera kulowetsa m'botolo lagalasi louma komanso lofunda, kuti lisasweke. Mupeza magalamu pafupifupi 700.

Akazizira ayenera kukhala olimba, oyera kapena achikasu pang'ono. Akakhala oderako ndi fungo la nyama yowotcha, moto unachuluka. Mungakazingirebe nyama ndi anyezi, koma osati kuphikira zamu uvuni. Mukaona madzi kapena zoterera pansi pa botolo, munafulumira kuphula, ndipo mafuta otero sachedwa kuchita nkhungu. Asungunuleninso mpaka kuthetheka kutha. Ouma bwino amakhala miyezi ingapo m'firiji. Otsala m'poto musawathire mu sinki, amakauma m'paipi n'kutseka, mwini nyumba n'kukulipiritsani. Asiyeni alimbe, mupale, mutaye m'bini.

Pa zophika mu uvuni, mafuta a nkhumba ndiwo amatsogola. Chikuto cha payi kapena cha nyama yokulunga chimafuna mafuta olemera theka la fulawa: fulawa magalamu 200, mafuta a nkhumba 50, batala 50, kamchere, ndi madzi ozizira masipuni aakulu awiri kapena atatu. Mafuta a nkhumba amachititsa chikutocho kufumbutuka m'kamwa, batala amabweretsa kununkhira. Fikisani ndi nsonga za zala mafuta ali ozizira, musakande ngati za mandasi, chingalimbe. M'masikono mukaika mafuta a nkhumba m'malo mwa batala kapena majarini, chepetsani: pa magalamu 100 a batala ikani 80, chifukwa batala ali ndi madzi pomwe awa ndi mafuta okhaokha.

Suweti wa m'paketi uja ntchito yake ndi timibulu ta fulawa timene azungu amaphikira pamwamba pa nyama ya msuzi. Poti amachedwa kusungunuka, fulawa imayamba yagwirana iye asanasungunuke, ndipo akasungunuka amasiya timabowo, kambulu n'kukhala kopepuka. Sakanizani fulawa yodzitupitsa yokha magalamu 100, suweti 50, mchere, ndi madzi ozizira masipuni aakulu anayi kapena asanu. Umbani timibulu tisanu ndi titatu, ikani pamwamba pa msuzi ukuwira pang'onopang'ono, vundikirani mphindi 20 osasuzumira. Mukalowetsa mafuta ofewa m'malo mwa suweti, timatuluka tolemera ndi tonona. Nyengo yachisanu, tsiku limene ufa wa nsima watha m'nyumba, mphika umenewu umakhutitsa banja.

Mafuta onsewa ndi a mtundu umene umakweza kolesitero m'magazi, a ng'ombe kuposa a nkhumba. Amene adokotala anakuchenjezani za mtima, ndiwo za tsiku ndi tsiku zipitirire kuphikidwa ndi mafuta a m'botolo, awa akhale a tchipisi cha Loweruka.