Phimbani ndi chala, mupeze mwininkhani

Ophunzira a Fomu 4 amene ndimakumana nawo Loweruka ku Kawale ali ndi chizolowezi chimodzi akafika pa mafunso a Chingerezi osankha yankho. Amawerenga chiganizo chapansipansi, n'kuyikamo A, kenako B, kenako C, kumvetsera kuti likukoma m'khutu ndi liti. Khutulo ndi limene limawagwetsa, chifukwa wolemba funso amadziwa bwino chimene khutu limakonda, ndipo msampha amautchera pomwepo. Poti satifiketi ya MSCE siituluka munthu akalephera Chingerezi, malikisi otayika mwa njira imeneyi amawawa.

Tiyambe ndi Chichewa chathu chomwechi. Thumba la nyemba likang'ambika pa njinga, mumati "thumba la nyemba lang'ambika". Palibe anganene kuti "thumba la nyemba zang'ambika", ngakhale mawu oti nyemba ndiwo ayandikana ndi mneni. Mgwirizanitsi amatsata thumba, chifukwa thumbalo ndilo mwininkhani, pomwe "la nyemba" akungotiuza kuti ndi thumba lanji. Lamulo limeneli mumalidziwa kuyambira muli wakhanda. M'Chingerezi ndi lomwelo, kungoti kumeneko mumaliiwala.

Taonani funso ili:

The price of tomatoes at Mitundu market ____ since the rains started.
A. have risen
B. has risen
C. is rising
D. were rising

Musathamangire mayankho. Choyamba ikani chala pa mawu onse oyamba ndi mperekezi amene ali pakati pa chiyambi cha chiganizo ndi mpata uja. Pano pali magulu awiri, "of tomatoes" ndi "at Mitundu market". Mukawaphimba, chotsala ndi "The price ____". Mtengo ndi umodzi. Ndiye chekani A ndi D ndi pensulo, chifukwa have ndi were amayenda ndi zinthu zambiri. Ambiri amasankha A chifukwa "tomatoes have" akumveka bwino, koma amene wakwera ndi mtengo, tomato ali phee pa benchi.

Mwatsala ndi B ndi C, ndipo onsewa akugwirizana ndi chinthu chimodzi. Apa mpamene mumafunsa funso lachiwiri: ndi mawu ati m'chiganizomu amene akunena za nthawi? Ndi since. Mawu amenewa amatanthauza kuti chinthu chinayamba kale ndipo chafika mpaka lero, choncho amafuna has kapena have patsogolo pa mneni. C wagwa, yankho ndi B. Mwaona kuti simunafunike kudziwa tanthauzo la liwu lililonse. Mafunso anali awiri basi, ndipo dongosolo lake ndi lomwelo nthawi zonse: mwininkhani poyamba, nthawi pambuyo.

C uja ndiye amakola ana anzeru, ndipo chifukwa chake chili m'chilankhulo chathu. Ife timati "ndikukhala ku Area 25 kuyambira 2019", mneni ali m'nthawi yatsopano, ndipo palibe cholakwika. Mwana akatembenuza liwu ndi liwu amapeza "I am living in Area 25 since 2019", chomwe m'Chingerezi n'cholakwika. Cholondola ndi "I have lived" kapena "I have been living". Chimodzimodzi timatha kunena kuti "ndabwera dzulo", koma Chingerezi sichilola has kapena have kukhala pamodzi ndi nthawi yotchulidwa imene inatha kale. Mukaona yesterday, last week, ago kapena in 2020 popanda since patsogolo pake, yankho ndi came, went, wrote, osati "have come". Ndimawauza ana kuti since ndi ago sadyera mbale imodzi: wina akufuna has, wina akumukana.

Palinso nkhani ya ulemu. Timati "a hedi abwera", ndipo mneni amaoneka ngati wa anthu ambiri ngakhale munthuyo ndi mmodzi. Chingerezi ulemu woterewu chilibe. Kaya ndi mfumu, kaya ndi agogo anu, ngati ali mmodzi ndi "has come". Ndinaonapo mtsikana wina atalemba "My father have gone to Lumbadzi", nditamufunsa anati sangawatchule bambo ake ngati kamwana. Ndinaseka, koma maganizo ake ndinawamvetsa. Kumbukiraninso kuti s amagwira ntchito mosemphana: akakhala pa dzina ndiye kuti zinthu n'zambiri, akakhala pa mneni ndiye kuti chinthu n'chimodzi. "The girl sells", koma "The girls sell".

Chala chija chimagwiranso ntchito pa together with, as well as ndi along with. Mawu amenewa amaoneka ngati akuphatikiza anthu, koma saphatikiza. "The teacher, together with her learners, is at the stadium." Phimbani zapakati pa makoma awiriwo, mwatsala ndi mphunzitsi mmodzi. And ndiye amaphatikiza, n'kufuna are. Pa everyone, each ndi nobody, Chichewa chikuthandizani: timati "aliyense wabwera", osati "aliyense abwera", ndipo kumenekonso ndi has, is, was.

Koma ndisakunamizeni kuti chala chimatha zonse. Pali malo amene mukaphimba mumataya yankho lenilenilo. Chiganizo chikayamba ndi some of, most of, all of kapena half of, mawu amenewa paokha sanena ngati chinthu n'chimodzi kapena zambiri, ndiye muyenera kuyang'ana dzina lobwera pambuyo pa of. "Some of the maize is rotten", koma "Some of the bags are wet". Chimanga m'Chingerezi sachiwerenga chimodzichimodzi, matumba amawerengeka. Mayina ena a mtundu wa chimangawu ndi furniture, luggage, information, advice ndi news. Lomalizali lili ndi s kumapeto koma limatenga is.

A number of ndi the number of ndi mapasa osafanana mtima. "A number of learners are absent" akutanthauza kuti ana angapo sanabwere, pomwe "The number of learners is small" akunena za chiwerengero, chomwe n'chimodzi. Kaliwu koyambirira kokhako ndiko kakusintha yankho, ndiye kawerengeni kawiri.

Kwina kumene lamulo limatembenuka ndi pa either … or ndi neither … nor. Apa mneni amatsata dzina limene wayandikana nalo. "Neither the driver nor the passengers were hurt." Mukasinthanitsa, "Neither the passengers nor the driver was hurt." Ana ena akaphunzira zimenezi amayamba kutsata dzina lapafupi paliponse, n'kubwereranso ku "tomatoes have". Ndiye aphunzitsi, musaphunzitse ziwirizi tsiku limodzi. Yambani ndi kuphimba, papite sabata, kenako mubweretse neither.

Pokonzekera, tengani mapepala akale a MANEB, musankhe mafunso khumi a mtundu umenewu. Pa funso lililonse mwana asalembe chilembo cha yankho chokha. Adule mzere kunsi kwa mwininkhani, azungulize liwu lonena za nthawi, ndipo pambali pa yankho lililonse limene walikana alembe chifukwa chake, kaya ndi "zambiri" kaya ndi "nthawi". Mukamachonga, yang'anani mzerewo musanayang'ane yankho. Mwana amene wapeza B koma mzere wadula pa tomatoes wangolotera, ndipo ameneyo ndiye woyamba kumuyitana ku bolodi.